Dzina ndi lomwelo koma katundu wasiyana: tichekere pa bakhodi, pa lebulo kapena pa lilime?

Munthu akagula chokoleti, mkaka wa ufa kapena sopo wa bulandi yomwe anaizolowera ndiye n'kupeza kuti sizikumveka ngati zomwe anagwiritsapo ntchito kudziko lina, mawu oyamba kutuluka amakhala oti "andigulitsa feki". Nthawi zina ndi feki ndithu, sitikukana. Koma nthawi zambiri katunduyo amakhala orijino, wochokera kukampani yeniyeniyo, kungoti anapangidwira msika wina ndi resipe ina, ndipo zimenezi makampani akuluakulu amachita masana dzuwa likuswa mtengo, si zakuba ayi. Dzina lomwe lili kutsogolo kwa paketi limangokuuzani mwini wake wa dzinalo, silikulonjezani kuti zam'kati ndi zofanana dziko lonse lapansi.

Ndiye musanasankhe njira yochekera, muyambe mwadziwa chomwe mukusaka, chifukwa zinthu zomwe zimapangitsa mapaketi awiri a dzina limodzi kusiyana ndi zosiyananso, ndipo njira yomwe imagwira chimodzi imaphonya chinzake. Pali resipe yomwe kampani yasintha dala, pali fakitale ina yomwe ikupanga ndi laisensi, pali katundu wabwinobwino yemwe wawonongekera panjira kapena m'nyumba yosungira, ndiye pali fekiyo. Apa ndikamba kwambiri za zakudya ndi zakumwa za m'mapaketi, chifukwa n'kumene munthu wamba angathe kudzichekera yekha opanda makina.

Chifukwa chiyani kampani ingasinthe resipe yake yomwe?

Choyamba ndi malamulo ndi misonkho. Mu Epulo 2018 dziko la Britain linayamba kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera zomwe zili ndi shuga wokwana magalamu 5 kapena kuposa pa mamililita 100 alionse, ndipo msonkhowo umakwera zikafika magalamu 8. Makampani ambiri sanafune kulipira, anangotsitsa shuga kufika pansi pa 5 n'kuwonjezera zotsekemeretsa zopanda shuga zija. South Africa nayo inayamba msonkho wake mwezi womwewo, iwo amawerengera galamu iliyonse yopitirira magalamu 4 oyambirira. Ndiye Fanta yogulidwa ku Britain ndi yogulidwa kudziko lomwe kulibe msonkho wotere zitha kusiyana shuga pafupifupi ndi theka, botolo n'kumaoneka chimodzimodzi. Komanso Fanta ya malalanje ya ku America ilibe juwisi wa malalanje, mtundu wake umachokera ku utoto wa zakudya, pomwe ya m'mayiko ambiri a ku Ulaya imakhala ndi juwisi pang'ono, kuchuluka kwake kumasiyananso dziko ndi dziko.

Chachiwiri ndi zomwe zikupezeka motchipa komwe kuli fakitaleko. Coca-Cola amagulitsa madzi okhathamira omwe amapatsa chakumwacho kakomedwe kake kwa makampani othira m'mabotolo, ndipo madzi, mpweya ndi zotsekemeretsa zimathiridwa komweko. Ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1980 amagwiritsa ntchito kwambiri manyuchi opangidwa kuchokera ku chimanga chifukwa ndi otchipa kumeneko, mayiko ena ambiri amathira shuga wa nzimbe kapena wa biti. N'chifukwa chake ku America komweko kuli anthu omwe amasakasaka Coke wa m'botolo lagalasi wochokera ku Mexico.

Nkhani ya laisensi ndiye imadabwitsa ambiri. KitKat ya ku America sipangidwa ndi Nestlé ayi, amapanga ndi Hershey, ndipo chokoleti cha Cadbury chogulitsidwa ku America nachonso chili m'manja mwa Hershey kuyambira 1988. Dzina lomwelo, kampani ina, mkaka wina, makina ena. Malamulo a chokoleti nawonso amasiyana: ku European Union amalola kuthiramo mafuta ena a zomera mpaka 5 peresenti pambali pa mafuta a koko, ndipo chokoleti cha mkaka chimayenera kukhala ndi koko wosachepera 25 peresenti, pomwe ku America malire ake ali pa 10 peresenti, ngakhale kawerengedwe kake si kofanana ndendende.

Ndiye pali chifukwa chomwe makampani sakonda kuchitchula, chomwe ndi ndalama basi. Akaona kuti msika uwu anthu sangakwanitse mtengo wa resipe yodula, kapena kuti palibe lamulo lowakakamiza, amachepetsa chinthu chodulacho n'kudzazira ndi chotchipa. Akafunsidwa amati "anthu akumeneko amakonda choncho". Nthawi zina n'zoona, malilime amasiyanadi, koma zimandikayikitsa kuona kuti kukonda kwa anthuko nthawi zambiri kumangogwirizana ndi chomwe chili chotchipa kupanga.

Nkhaniyi inafika mpaka pa ndale ku Ulaya. Mayiko ngati Slovakia, Hungary ndi Czech Republic anadandaula kwa zaka kuti akugulitsidwa zinthu zotsika poyerekeza ndi Germany kapena Austria, ndipo mu Seputembala 2017 Jean-Claude Juncker, yemwe ankatsogolera European Commission, anazitchula poyera, kunena za nsomba yochepa m'zakudya za nsomba ndi koko wochepa m'chokoleti. Mu 2019 akatswiri a bungwelo anayeza zinthu pafupifupi 1,400 kuchokera m'mayiko 19. Anapeza kuti 9 peresenti zinali ndi zam'kati zosiyana pomwe kutsogolo kwa paketi kunali kofanana ndendende, ndipo zina 22 peresenti zinali zosiyana m'kati koma kutsogolo kofananako. Chomwe ambiri amaiwala kunena n'chakuti kafukufukuyo sanapeze kuti chigawo chimodzi chokhachokha ndi chomwe chimalandira zotsika nthawi zonse. Kusiyana kulipo, koma sikuti nthawi zonse kumayenda mbali imodzi.

Bakhodi: yotchuka koma yofooka

Iyi ndi njira yomwe imazungulira kwambiri m'mafoni, amati onani manambala atatu oyambirira a bakhodi mudziwa komwe chinthu chinapangidwira. 690 mpaka 699 akuti China, 890 India, 600 ndi 601 South Africa, 400 mpaka 440 Germany. Manambalawo ndi oona, koma tanthauzo lake si limenelo. Amangosonyeza ofesi ya GS1, bungwe lomwe limagawa manambalawa, komwe kampaniyo inalembetsa. Kampani yolembetsa ku Germany itha kupangitsa katundu wake ku Turkey kapena ku Vietnam bakhodi n'kuyambabe ndi manambala a Germany aja. Ndipo kwa opanga feki bakhodi ndiye chinthu chophweka kukopera kuposa china chilichonse, ndi mizere yosindikiza basi, ndiye kusikana ndi foni n'kuona dzina lolondola likutuluka sikutsimikizira kalikonse.

Pali kantchito kamodzi komwe bakhodi imathandiza. Mukakhala ndi mapaketi awiri ofanana kukula koma manambala 13 aja akusiyana, mwadziwa kuti kampaniyo imawatenga ngati zinthu ziwiri zosiyana, mwina za misika iwiri. Pamenepo ndiye mutembenuze paketi muwerenge. Kupitirira apo musaitaire nthawi.

Komwe chinapangidwira ndi yemwe anapanga

Iyi ndiyabwinoko. Kumbuyo kapena m'mbali mwa paketi, m'tizilembo tating'onoting'ono tija, mumapezeka dzina la fakitale, dziko, ndipo nthawi zina mawu onena kuti chapangidwa ndi chilolezo cha mwini dzina. Muzisiyanitsa mawu atatu omwe amasokoneza: chopangidwa ndi uje, chopangidwira uje, ndi chopakidwa ndi uje. Chopakidwa m'dziko lina chitha kukhala kuti chinabwera m'matumba akuluakulu kuchokera kwina, iwo anangothira m'zitini. Muonenso zilankhulo zomwe zili pa lebulo ndi mndandanda wa mayiko omwe ali ndi manambala a foni a makasitomala, chifukwa zimakuuzani msika womwe paketiyo inapangidwira. Paketi yolembedwa m'Chiarabu ndi Chifalansa si ya msika umodzi ndi yolembedwa m'Chipolishi ndi Chicheki. Katundu wotere akapezeka kudziko lina nthawi zambiri amakhala kuti wabwera ndi amalonda odziyimira paokha osadzera kwa ajenti wa kampani, si feki, koma kampaniyo itha kukana kukuthandizani pakakhala vuto.

Kufooka kwake n'kwakuti dziko palokha silinena za kwalite. Fakitale imodzi itha kupanga maresipe awiri pa makina omwewo, m'mawa ya msika uwu madzulo ya msika uwo. Ndiye njirayi imakuuzani kuti pali mpata woti zisiyane, sikuuzani kuti zasiyana pati.

Mndandanda wa zosakaniza ndi tebulo la pa magalamu 100

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ngati muli ndi mphindi ziwiri zokha m'shopu muzithere pamenepa. Pafupifupi kulikonse lamulo limati zosakaniza zilembedwe motsatira kulemera kwake, chochuluka kwambiri chiyambe, chochepa chitsirize. Ndiye zinthu zitatu zoyambirira zimakuuzani pafupifupi nkhani yonse. Ku Ulaya ndi mayiko ena amawonjezera lamulo loti chinthu chomwe chatchulidwa pa dzina kapena kujambulidwa kutsogolo alembenso peresenti yake, ndiye mutha kuona kuti apa nsomba ndi 65 peresenti apo 58, apa juwisi ndi wochuluka apo wochepa.

Tiyeni tichite chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, cha mkaka wa ufa, manambala ake ndi ongoyerekeza koma ali m'malire a zomwe zimapezekadi. Muli ndi zitini ziwiri za bulandi imodzi, zonse za magalamu 400, mtundu wofanana, chithunzi cha kapu ya mkaka chofanana. Chitini choyamba pa zosakaniza palembedwa mkaka wa fulu kirimu, lesitini wa soya yemwe amathandiza kuti ufa usungunuke msanga, ndi mavitamini. Chachiwiri palembedwa mkaka wochotsedwa mafuta, mafuta a zomera, manyuchi a gulukosi, kenako mavitamini. Pamenepa mwadziwa kale kuti si chinthu chimodzi. Chachiwiricho anachotsa mafuta a mkaka, omwe ndi odula chifukwa amakapangira bata, n'kubwezeramo mafuta a zomera, nthawi zambiri a pamu. Sikuti ndi poizoni, anthu mamiliyoni amamwa, koma si mkaka wathunthu ndipo sichiyenera kugulidwa pa mtengo wa mkaka wathunthu.

Tsopano pitani pa tebulo lomwe limaonetsa kuchuluka kwa mafuta, mapuloteni ndi zina pa magalamu 100 alionse. Mkaka wa ufa wa fulu kirimu weniweni umakhala ndi mafuta osachepera magalamu 26 pa 100, mapuloteni pafupifupi 25, ndi shuga wachilengedwe wa mumkaka pafupifupi 38. Chitini choyamba chikuonetsa mafuta 28, mapuloteni 25, makabohaidireti 38, zikugwirizana. Chachiwiri chikuonetsa mafuta 28, mapuloteni 15, makabohaidireti 50. Taonani msampha wake: mzere wa mafuta ndi wofanana, 28 ndi 28, ndiye munthu woyang'ana mafuta okha anganene kuti n'chimodzimodzi. Chomwe chikuulula ndi mapuloteni omwe atsika ndi makabohaidireti omwe akwera, kusonyeza kuti gawo lina la mkaka lalowedwa m'malo ndi manyuchi aja.

Ndiye werengerani ndalama. M'chitini choyamba muli mapuloteni okwana magalamu 100, chifukwa ndi 25 kuchulukitsa kanayi. M'chachiwiri muli magalamu 60. Tinene kuti chachiwiricho chatchipa ndi 20 peresenti, choyamba chili pa 100 chachiwiri pa 80, kaya ndi ndalama yanji. Galamu imodzi ya mapuloteni m'choyamba mukuigula pa 1, m'chachiwiri pa 80 kugawa ndi 60, yomwe ndi 1.33. Chotchipacho ndiye chodula ngati chomwe mukufuna ndi mkaka. Ngati mukungofuna choyeretsera tiyi, chabwino, gulani chotchipacho mukudziwa chomwe mwagula.

Pali zinthu zingapo zomwe zimapusitsa anthu powerenga tebuloli. Chachikulu n'kuyerekeza manambala a magawo osiyana kukula. Ku America tebulo limalembedwa pa gawo limodzi lodya, ku Ulaya lamulo limafuna pa magalamu kapena mamililita 100. Kachitini ka Coca-Cola ka ku America ka mamililita 355 kamalembedwa shuga magalamu 39, ka ku Britain ka mamililita 330 kamalembedwa 35. Mukangoona 39 ndi 35 muganiza kuti kusiyana n'kwakukulu, koma gawani 39 ndi 3.55 mupeza pafupifupi 11, gawani 35 ndi 3.3 mupeza 10.6. Pafupifupi chimodzimodzi, chosiyana ndi mtundu wa chotsekemeretsacho osati kuchuluka kwake. Chinanso ndi mchere: ena amalemba sodiyamu ena amalemba mchere, ndipo kuti musandutse sodiyamu kukhala mchere mumachulukitsa ndi 2.5.

Palinso kachenjerero kogawa shuga m'mayina angapo. Akathira shuga, manyuchi a gulukosi ndi uchi padera padera, chilichonse chimakhala chochepa ndiye chimatsikira pansi pa mndandanda, pomwe mukaziphatikiza zikanakhala pa nambala wani. Ndipo mzere wa shuga pa tebulo m'mayiko ambiri umaphatikiza shuga wachilengedwe ndi wothira, osasiyanitsa. Izi zinaoneka bwino mu Epulo 2024 pomwe mabungwe a Public Eye ndi IBFAN anatulutsa lipoti loti phala la ana la Cerelac logulitsidwa m'mayiko ambiri a ku Africa, Asia ndi Latin America linali ndi shuga wothira, pomwe lina la mtundu womwewo ku Germany ndi ku Britain linalibe. Kuti adziwe kuchuluka kwake m'mayiko ena anachita kutumiza ku labu chifukwa lebulo sinkanena. Nestlé inayankha kuti imatsatira malamulo a dziko lililonse komanso ikuchepetsa shuga. Kwa inu ogula, phunziro lake ndi la malire a lebulo: mndandanda ukuuzani kuti shuga alimo, koma kuti ndi wochuluka bwanji mwina osakuuzani.

Malire ena ndi akuti lebulo sinena za giredi ya chosakanizacho. Mapaketi awiri a tiyi onse alemba tiyi wakuda 100 peresenti, koma m'modzi muli masamba abwino m'winamo muli fumbi lake. Khofi chimodzimodzi, pokhapokha atalemba mtundu wa nyemba. Ndipo feki imakopera lebulo yonse bwinobwino, ndiye njirayi imagwira resipe yosinthidwa mwalamulo, sigwira wakuba.

Pa zinthu zosadya mfundo ndi yomweyi, kungoti nambala yofunika imasintha. Pa sopo wosambira mayiko ena amalembetsa TFM, kutanthauza kuchuluka kwa mafuta omwe asanduka sopo weniweni. Ku India giredi yoyamba imayambira pa 76 peresenti, yachiwiri 70, yachitatu 60, ndipo zotsalazo zimakhala madzi ndi zodzazira, n'chifukwa chake sopo wa TFM yotsika nthawi zambiri amafewa n'kutha msanga. Pa mankhwala otsukira mano onani fuloraidi, ku Ulaya ambiri a akuluakulu amakhala pa 1,450 ppm, kutanthauza magawo 1,450 pa miliyoni, pomwe ku America ambiri ali cha pa 1,100 ppm. Sopo wa ufa wochapira ndiye muchenjere naye musanaweruze, chifukwa wopangidwira kuchapa pamanja amachita thovu lambiri dala pomwe wa makina amachepetsedwa thovu dala, ndiye thovu lochepa si umboni woti akuberani.

Nanga kulawa?

Aliyense amakhulupirira lilime lake, koma lilime limanamizika mosavuta. Chakumwa chozizira kwambiri chimamveka chosatsekemera kwenikweni poyerekeza ndi chofunda. Cha m'botolo lapulasitiki chimataya mpweya msanga kuposa cha m'galasi kapena m'kachitini, makamaka chikakhala potentha. Ndiye pali kukumbukira, chinthu chomwe munadya muli paulendo mukusangalala chimakoma m'mutu kuposa momwe chinalili.

Ngati mukufunadi kudziwa, chitani momwe amachitira m'mafakitale. Tengani makapu atatu ofanana, mnzanu athire m'makapu awiri kuchokera m'paketi imodzi ndipo m'kapu yachitatu kuchokera m'paketi inayo, inu osaona, zonse zikhale pa kuzizira kofanana. Ntchito yanu n'kuloza kapu yomwe yasiyana ndi zinzake. Kungolota chabe mumakhoza kamodzi pa katatu, ndiye kukhoza kamodzi sikutanthauza kanthu, mubwereze kangapo akusinthasintha malo a makapu, kapena muyese anthu angapo. Mukamakhoza pafupifupi nthawi zonse, kusiyana kulipodi. Koma ngakhale pamenepo mwangodziwa kuti zasiyana, simunadziwe chifukwa chake, ndipo simunadziwe kuti chabwino n'chiti. Shuga wochuluka amapambana pa mayeso olawa kawirikawiri, sizitanthauza kuti ndiye kwalite yapamwamba.

Komwe maso ndi mphuno zimaposa lebulo ndi pa katundu wowonongekera panjira. Chokoleti chomwe chinasungunuka n'kuumanso chimakhala ndi zoyerayera pamwamba ngati nkhungu ndipo chimanyenyeka m'kamwa, chifukwa mafuta a koko amasungunuka cha pa madigiri 34, kontena yokhala padzuwa imapitirira pamenepo mosavuta. Resipe ndi yomweyo, fakitale ndi yomweyo, chalakwika ndi ulendo. Mkaka wa ufa womwe walowa chinyezi umaundana mibulu yolimba, ndipo ukakhalitsa potentha umayamba kununkha mafuta akale. Mabisiketi amafewa. Zikatere musaimbe mlandu bulandi yonse, yesani kugula kwa wogulitsa wina yemwe katundu wake amayenda msanga, ndipo muone deti lopangira osati la ekisipaya lokha.

Bachi nambala ndi kufunsa kampani

Iyi ndi yochedwa koma ndi yokhayo yomwe imayandikira kuyankha funso loti feki kapena orijino. Paketi iliyonse yochokera kufakitale yeniyeni imakhala ndi kodi ya bachi, manambala ndi zilembo zomwe zimadindidwa paketi itadzazidwa kale, pansi pa chitini, pakhosi pa botolo kapena pomatira paketi, nthawi zambiri ndi timadontho ta inki kapena zowotchedwa ndi kuwala kwa makina a leza. Yang'anitsitsani pafupi. Ngati deti ndi bachi zasindikizidwa limodzi ndi mitundu ya lebulo, zosalala ngati mbali ya chithunzi, pali chokayikitsa, chifukwa fakitale sisindikiza lebulo yatsopano tsiku lililonse. Ngati pamalo a deti pakuoneka popukutidwa, kapena pamatidwa kastika pamwamba pa deti lina, kapena deti la pa katoni likusiyana ndi la pa paketi ya m'kati, chisiyeni.

Mukafuna kufunsa kampani, jambulani kutsogolo, kumbuyo, bakhodi ndi bachi, mutumize kudzera pa adiresi yomwe ili pa webusaiti ya kampaniyo osati nambala ya pa paketi yokayikitsayo. Funsani zinthu ziwiri zolunjika: bachi iyi ndi yanu ndipo inapangidwira fakitale iti, komanso resipe yake ndi yofanana ndi ya dziko lakutilakuti? Funso loyamba amayankha bwino chifukwa feki imawapweteka iwonso. Lachiwiri muyembekezere yankho lozungulira la zokonda za makasitomala. Dziwaninso kuti akuba ena amakopera bachi yeniyeni n'kuidinda pa mapaketi masauzande, ndiye yankho loti nambalayi ilipo silitseka nkhani kotheratu, pokhapokha kampani itapempha paketiyo kukaiyeza.

Mtengo siutenga malo ambiri pano. Wotsika mopitirira muyeso ndi chenjezo la feki kapena katundu wotsala pang'ono kuekisipaya, koma wokwera sutsimikizira kanthu, chifukwa chochokera kunja chimadula ndi mayendedwe ndi misonkho ngakhale resipe yake ili yotsika kuposa yopangidwa pafupi. Muonenso kulemera, mapaketi ooneka ofanana wina ali magalamu 100 wina 90.

Ndiye muyambire pati? Zimatengera chomwe chakukayikitsani. Ngati chinthucho chikuoneka bwinobwino koma kakomedwe ndi kena, yambani ndi mndandanda wa zosakaniza ndi tebulo la pa magalamu 100, ndipo ngati paketi ya dziko linalo mulibe, mawebusaiti a masupamaketi akuluakulu a kumeneko amalemba zosakaniza zonse, kapena wachibale yemwe ali kumeneko akujambulireni kumbuyo kwa paketi, kungoonetsetsa kuti chithunzicho ndi chatsopano chifukwa maresipe amasintha ngakhale m'dziko limodzi. Ngati malebulo akufanana mzere ndi mzere koma chinthucho chaundana, chayera kapena chikununkha, vuto ndi kasungidwe. Ngati malebulo akufanana, kasungidwe kakuoneka kabwino, koma zilembo zikuoneka zofufutika, chotsekera sichinamatidwe bwino kapena bachi ikukayikitsa, apo ndiye pitani kukampani kapena kubungwe loona za miyezo la m'dziko lanu. Pa chakudya cha ana ndi chilichonse cholowa m'thupi ngati mankhwala, mukakayikira feki musachite zolawa ayi, siyani kugwiritsa ntchito musunge paketi ndi lisiti mpaka atakuyankhani.